Maliro anga analibe siwa

Kwathu ku Dedza munthu akamwalira aliyense amadziwa chochita. Uthenga umapita kwa amfumu, anyamata amayala masamba pa msewu, azimayi amalowa m'siwa, azibambo amakoleza moto panja, adzukulu amalawira kumanda ndi makasu. Wofeledwa sachita kupempha chilolezo kuti alire, amangokhala pa mphasa anthu n'kumabwera okha, wina ndi ufa wina ndi nkhuni wina ndi chipepeso. Ine ndinafeledwa mu Ogasiti 2021, anthu 9 tsiku limodzi, koma onsewo usiku umenewo anadya nsima n'kukagona bwinobwino, ndipo Lolemba lake ine ndinapita kuntchito nditasita malaya ngati palibe chachitika.

Zinayamba ndi msuweni wanga yemwe ndimamusunga ku Kawale akufunafuna ntchito. Anabwereka foni yanga kuti ayimbe, ndiye anapezamo mameseji a ine ndi mwamuna mnzanga yemwe ndinali naye pa chibwenzi. Sanandifunse kanthu, anangoti akupita kumudzi kukathandiza kukumba kachewere. Patatha masabata atatu amalume anayimba, "bwera Loweruka, mayi ako sakupeza bwino." Ndinagula shuga, buledi, sopo ndi usipa, ndinakwera minibasi mtima uli m'mwamba poganiza kuti ndi BP ija yakweranso, kufika ndinapeza mipando atayika kale pansi pa mpichesi, amayi ali gwa pa mkeka koma osandiyang'ana.

Amalume sanazungulire. "Iwe, zomwe tamvazi ndi zoona?" Ndikanatha kukana, anthu ambiri amakana ndipo sindimawaweruza ngakhale pang'ono, nthawi zina kukanako ndi komwe kumakusiyira denga ndi fizi. Koma ine ndinali nditatopa, ndinangoti "ndi zoona amalume." Anandipatsa njira ziwiri, ndikwatire Disembala asanathe komanso ndipite kukapemphereredwa kuti chiwandacho chituluke, apo ayi pakhomo pano usadzapondenso. Amayi analankhula kamodzi kokha, akuyang'ana pansi, anati "bola ukanangofa uli khanda, ndikanalira kamodzi." Ponyamuka ndinapeza shuga uja amubwezera m'chikwama mwanga. Mpaka lero shuga ameneyo amandipweteka kuposa mawu onse a amalume, kaya bwanji.

Anthu amaganiza kuti ukakanidwa umalira tsiku lomwelo. Ine ayi. Miyezi iwiri yoyambirira ndinali ngati chitsa, ndimaseka ndi anzanga kuofesi, ndimaonera mpira, ndimadziuza kuti ndine wolimba. Thupi ndi lomwe linayamba kuulula. Ndimadzuka cha m'ma 3 koloko usiku ulionse mtima ukugunda ngati ndathamanga, nsima imakhala pakhosi, lamba ndinamuboola bowo lina. Ndipo foni, abale inu foni. Anandichotsa m'gulu la banja pa WhatsApp tsiku lomwelo ndisanafike n'komwe ku Nathenje, koma achemwali anga sanandibuloke, ndiye ndimakhalira kutsegula sitetasi yawo mwina kakhumi pa tsiku kuti ndione ngati amayi akuoneka penapake pa chithunzi, ngati awonda, ngati avala chitenje chomwe ndinawagulira.

Choipa kwambiri n'choti sumatha kuuza munthu. Mnzako wa kuntchito akafeledwa amapatsidwa masiku, timasonkha ndalama, timakwera lole. Ine ndikanati chiyani kwa abwana? Akanafunsa kuti abale ako akukukaniranji, ndipo yankho lake m'dziko muno si nkhani ya manyazi chabe, ndi nkhani ya polisi. Gawo 153 la malamulo a milandu limapereka zaka mpaka 14, gawo 156 zaka 5, ndipo azimayi anawaikira lawo, 137A. Landilodi atamva akhoza kukutulutsa, wina atamva akhoza kuyamba kukudyera ndalama pokuopseza. Ndiye chisoni chako umachibisa ngati katundu wakuba. Maliro ndi kulirana, timatero, koma apa wokulira nawe umayamba wamufufuza kaye ngati sakakugulitsa.

Ndinadzazindikira kuti zinthu zafika poipa mu Novembala, pomwe ndinaona kuti Lachisanu lililonse ndikumwa mpaka kuyiwala njira, ndipo m'mutu mwayamba kubwerabwera mawu a amayi aja ngati malangizo, kuti mwina bola ndisakhalepo. Ndinauza mnzanga mmodzi, mtsikana yemwenso kwawo anamuthamangitsa zaka zapitazo, sanandilalikire, anangobwera ndi chikwama chake n'kugona pa mpando kwanga masiku anayi, kenako anandilumikiza ndi mlangizi kudzera ku bungwe lina loona za ufulu. Alipo mabungwe otere, monga CEDEP ndi Nyasa Rainbow Alliance, ndipo amadziwa alangizi omwe sayamba ndi kukutsegulira vesi. Mlangiziyo anandiphunzitsa kusiyanitsa zinthu ziwiri zomwe ine ndimaziona ngati chimodzi. Chisoni chimabwera n'kupita, wamva nyimbo ya kwaya ya amayi walira, madzulo wadya waseka. Koma ukaona kuti padutsa masabata awiri kapena kuposa tsiku lililonse lili bii, palibe chikukoma, tulo ndi njala zasokonekera, ukudziona ngati chinyalala, ndiye kuti walowa matenda omwe achipatala amati dipuleshoni, ndipo amenewo safuna kulimba mtima, amafuna chithandizo. Maganizo ofuna kufa akangobwera, osadikiranso masabata awiriwo, uza munthu tsiku lomwelo.

Anandiuzanso za kafukufuku wa Caitlin Ryan ndi anzake ku California, wotuluka mu 2009, pa achinyamata 224. Omwe makolo awo anawakana kwambiri amapezeka kuti anayesapo kudzipha kupitirira ka 8 poyerekeza ndi omwe sanakanidwe kapena anakanidwa pang'ono, ndipo dipuleshoni yaikulu pafupifupi ka 6. Ndi ku Amereka kumeneko, si kuno, koma ine chomwe ndinatolapo n'choti onse m'kafukufukuyo anali ngati ine, kusiyana kwawo kunali momwe anawalandirira pakhomo. Ndiye chomwe chimandidwalitsa sichinali chiwanda chomwe amalume amanena, chinali mipando ija pansi pa mpichesi.

Manyazi okha anatenga nthawi, chifukwa sanayambe 2021. Mu Meyi 2010 ndinali Fomu 2, ndili kunyumba, wailesi ikulengeza kuti khoti ku Blantyre lagamula Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga zaka 14 chifukwa cha chinkhoswe chawo chija. Pakhonde panali chikondwerero, amalume anati zachepa zakazo, amayi anati mwana wanga atachita zamathanyula ndingadzimangirire, ine ndinaseka nawo mokweza kuposa onse kwinaku m'mimba mukutentha. Patangotha masiku ochepa Bingu anawakhululukira, Ban Ki-moon, mlembi wamkulu wa United Nations nthawi imeneyo, atabwera, koma pakhonde pathu chigamulo chinakhala chomwecho. Ndiye kuyambira ndili mnyamata ndimadziwa kale mtengo wanga pakhomo paja, ndinakula ndikulipira ngongole yomwe eni ake samadziwa n'komwe kuti ndili nayo, kukhoza bwino kusukulu, kumanga nyumba ya malata, kusakana chilichonse. Mlangizi uja anandifunsa funso lomwe linandikwiyitsa, "tanena chimodzi chomwe unawalakwira amayi ako." Ndinakhala phee mwina mphindi zisanu. Ndinapeza zoti ndinawanamizapo kuti ndili ndi chibwenzi ku Zomba, basi. Zina zonse zomwe zimandilemera sizinali zomwe ndinachita, zinali zomwe ndili, ndipo zimenezo palibe popepesera, ungapepese bwanji kuti unabadwa.

Tsopano nkhani ya ndalama, yomwe anthu salankhula koma ambiri aife tikuidziwa. Pakhomo ndinaletsedwa kuponda, koma itafika nthawi ya feteleza meseji inabwera, ya amalume omwewo, opanda moni, "feteleza wa mayi ako." Ndinatumiza mphindi yomweyo ndikunjenjemera ndi chimwemwe, ndimati aa ayamba kufewa. Januwale fizi ya mwana wa achemwali, ndinatumiza. Malata a khitchini, ndinatumiza. Chaka chathunthu pafupifupi K60,000 mwezi ulionse, ine ndikudya bonya, ndipo nthawi zonse ndikatumiza ndimagwira foni mpaka usiku kudikira ngakhale "talandira." Mnzanga uja ndi amene anandiseka, anati aise ndalama yako yokha ndiye ilibe mathanyula eti? Ndinakwiya naye sabata yathunthu chifukwa amanena zoona.

Sindinasiye kuthandiza, ndipo amene amalangiza kuti ingowadulani onse nthawi zambiri sanakulire m'nyumba yomwe mayi anagulitsa mbuzi kuti iwe ulembe mayeso. Ndinangosintha njira. Meseji yopempha ikabwera sindiyankha tsiku lomwelo, ndimagona kaye. Fizi ya mwana ndimalipira kusukulu mwachindunji. Ya mankhwala a BP ndimatumiza pa nambala ya amayi eni ake, tsiku limodzi pa mwezi, ndalama yomweyomweyo, apemphe asapemphe. Kudzera mwa amalume sinditumizanso kanthu. Ndipo ndinapeza muyeso wanga wodziwira ngati ndikupereka kapena ndikugula, ndikatumiza n'kutha kuyika foni pa chaja kukasamba, ndapereka, ndikatumiza n'kumayiyang'ana ngati mphika wa pamoto, ndiye kuti ndimagula chikondi, ndipo sitolo imeneyo katundu sabwera. Amalume atazindikira anatumiza meseji yaitali yoti ndine mwana wosalera, ndinaiwerenga kawiri, manja ananjenjemera, koma ndinagona tulo usiku umenewo, zomwe zinandidabwitsa.

Mkwiyo unabwera mochedwa, patatha chaka ndi theka, ndipo unabwera pamalo opusa, pa chinkhoswe cha mng'ono wa mnzanga wa kuntchito. Ndikuona ankhoswe akusinthana nkhuku, azakhali akuvina akufupa, ndinangomva chinthu chikukwera pachifuwa, ndinatuluka kukayima kuseri kwa magalimoto ndikutukwana ndekha. Kukwiyira amalume kunali kosavuta. Kovuta kunali kuvomera kuti ndakwiyira amayi. Mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, tinakula tikumva zimenezo, ndiye ukangoyamba kuganiza kuti mayi anakulakwira umamva ngati ukudzitemberera. Ndinalemba makalata atatu opita kwa iwo omwe sindinatumize, yoyamba inali yotukwana, yachiwiri yodandaula, yachitatu ndinapezeka ndikulemba za iwo osati za ine, mzimayi wamasiye wa m'bungwe la amayi kutchalitchi, yemwe munda akulima ndi wa mbumba yomwe mwini wake ndi mchimwene wawo yemweyo, yemwe akapita kuchigayo anthu amasiya kulankhula. Sindikuwachotsera mlandu, mawu aja ananena ndi pakamwa pawo. Koma ndinaona kuti pa mipando paja anthu amantha tinalipo awiri.

Chomwe chinandithandiza kumvetsa chifukwa chomwe bala ili silipola ngati la imfa ndi maganizo a Pauline Boss, katswiri wa ku Amereka yemwe m'zaka za m'ma 1970 anaphunzira mabanja a asilikali omwe anasowa pa nkhondo ya ku Vietnam, osadziwika ngati ali moyo kapena anafa. Iye anati kutaya kotereku kumaumitsa chisoni pamalo amodzi, chifukwa sungalire mpaka kumaliza komanso sungasiye kudikira. Ife izi timazidziwa kalekale, agogo anga anadikira mchimwene wawo yemwe anapita ku Joni n'kutchona, mpaka ukalamba amati akangomva galimoto yayima pa msewu amatukula mutu. Ndipo onani mabanja a ku Chilobwe, Mulanje ndi Phalombe omwe abale awo sanapezeke chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Ine ndine mtchona wa pa Kawale pomwepa, ulendo wosakwana maola awiri pa minibasi, ndipo amayi kwa ine ali chimodzimodzi, alipo koma palibe. Boss sanena kuti tseka nkhaniyo uyiwale, amati phunzira kunyamula zonse ziwiri nthawi imodzi. Poyamba ndimaona ngati ndi nzeru za anthu okhuta, koma nditayesa kunena mokweza kuti amayi anga amandikonda komanso amayi anga anandikana, osachotsapo chimodzi, mutu unasiya kuzungulira ngati kale, chifukwa nkhondo yanga ya 3 koloko usiku inali yofuna kugamula kuti choona ndi chiti.

Ndiye mu Ogasiti 2023, mwezi umodzi chichitikireni zionetsero za mipingo zija m'mizinda zotsutsa anthu ngati ife, zomwe ndinaonera pa zenera la ofesi ndikudzifunsa ngati kwaya ya kwathu ilimo, ndinapanga chinthu chomwe ena angati ndi misala. Ndinaitana anzanga anayi, tinaphika nsima, nyemba ndi kabichi, chakudya cha pamaliro chenicheni, tinakhala pansi pa mkeka mipando ilipo. Sindimayika amayi m'manda ayi, Mulungu andikhululukire, ndimalira zinthu zomwe zinafadi, ndipo ndinazitchula chimodzichimodzi. Khirisimasi ya mpunga ndi nkhuku pakhonde paja. Kagawo kanga ka dimba. Malo anga kumanda a kwathu, chifukwa mpaka pano sindidziwa kuti ndikafa adzanditengera kuti, ndipo kwa Mchewa funso limenelo si laling'ono. Koma pomwe ndinalira mpaka mamina ndi pa umalume. Kwathu mwamuna ulemu wake uli pa ana a mlongo wake, ine ndi amene ndimayenera kudzakhala mwini mbumba, kudzayimira ana a achemwali pa ukwati ndi pa milandu, ndipo mwana wamkulu uja ndinamunyamula ine kuchokera kuchipatala. Pano anauzidwa kuti asamandiyandikire ngati ndili ndi mphere. Anzangawo sananene zoti zikhala bwino, mmodzi anangoti "pepani achimwene, mwakumana nazo," mawu omwewo a m'siwa, ndipo ndinazindikira kuti zaka ziwiri zonse ndimadikira mawu amenewo basi. M'mawa mwake ndinakameta mpala.

Sikuti zinathera pomwepo. Pa 28 Juni 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linagamula pa mlandu wa Jan Willem Akster ndi Jana Gonani kuti malamulo aja akhale momwe alili, ndipo amalume, omwe anali atakhala chete miyezi yambiri, anandiponyera nkhaniyo pa foni opanda mawu ena. Ndinabwerera ku 3 koloko usiku kwa sabata. Kusiyana kwake n'koti ulendo uno ndimadziwa dzina la chomwe chikundichitikira, ndimadziwa woyimbira, ndipo sindinapite ku bala.

Mu Seputembala chaka chomwecho agogo aja anamwalira. Achemwali anandifulasha kawiri usiku, nditayimba ananong'ona, "agogo atisiya, mwambo ndi mawa, koma sindinakuuze ine." Ndinakhala pa bedi mpaka kucha ndikulimbana nazo. Kupita kukanatha kukhala kunyozedwa pagulu, kusapita ndikanadzadziimba mlandu moyo wonse, agogo amenewa ndi omwe pa mipando paja sanalankhule kanthu koma ponyamuka anandigwira dzanja nthawi yaitali. Ndinapita, koma mokonzekera ngati wopita kunkhondo. Sindinakagone pamaliro, ndinafika m'mawa wa tsiku loyika. Ndinatenga mnzanga uja, tinagwirizana kuti ndikangomugwira pa chigongono tizinyamuka osafunsana. Ndalama ya thiransipoti inali m'thumba la malaya osati m'chikwama. Ndinakhala ku gulu la anthu a m'mudzi osati kwa achibale, ndipo ndinadziuza kuti ndabwerera agogo, sindinabwere kudzakambirana za ine, wina akayamba ndingoti "lero ndi la agogo" basi.

Amalume anandiona n'kutembenuka. Powerenga chipepeso ndalama yanga anaitchula kuti yachokera kwa "m'bale wina wa ku Lilongwe," mnzanga anandiponda phazi kuti ndisaseke, chifukwa ngakhale pokana dzina langa mawu oti m'bale anawatuluka okha, chibale ndi fupa paja. Titachoka kumanda kamwana kena kanabwera ndi mbale ya nsima ndi nyama, osati nyemba zomwe amadya anthu onse, kanati "akuti mudye." Sindinafunse kuti akutero ndani. Pomwe timanyamuka amayi anadutsa pafupi atanyamula ndowa, maso ali kutsogolo, sanayime, anangoti "wawonda iwe, ukumadya koma?" Ndinati "ndikumadya amayi." Anapitirira.

Mawu amenewo anandigwetsa kuposa kutukwanidwa. Ndinabwerera ku Lilongwe ndikuuluka, ndimati basi zatha, Khirisimasi ndikadyera kwathu, ndinayamba kuonanso mitengo ya zitenje. Okutobala chete. Novembala chete. Ndinayimba kawiri sanayankhe. Palibe anandichenjeza kuti chiyembekezo chimapweteka chonchi, kuti kachitseko kakatseguka pang'ono n'kutsekekanso umayambiranso kulira ngati tsiku loyamba. Mlangizi uja anandiuza kuti ndizitenga chilichonse pa kukula kwake, mbale ya nsima ndi mbale ya nsima, si chikhululuko komanso si bodza. Zimandivutabe zimenezo, ndisaname, ine ndi munthu woti kamoni kamodzi ndimamangapo nyumba.

Khirisimasi ndinadyera ku Kawale ndi anzanga omwewo, tinapha nkhuku ziwiri, wina anapsereza mpunga. Mnyamata wina wa zaka 20 yemwe bambo ake anamutayira zovala panja mwezi womwewo anali nafe, sanadye, amangoyang'ana foni, ndinamusiya chifukwa ndikuidziwa foni imeneyo, kenako ndinakhala naye pansi n'kumuuza pepa.

Mwezi wa Epulo kondakitala wina anandiyimbira kuti ndikatenge katundu ku depoti. Kathumba ka kachewere, kosokedwa ndi ulusi wa saka pakamwa momwe amasokera amayi, mfundo ziwiri kumapeto, opanda kalata opanda dzina la wotumiza, nambala yanga yokha yolembedwa ndi makala. Ndinayimba sanayankhe. Ndinatumiza meseji yoti "ndalandira amayi, zikomo," ndinayika foni pa chaja, n'kuyamba kusenda.